Black Friday isanafike, konzani mayina, zithunzi ndi mawu osakira

Black Friday imachitika Lachisanu lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving cha ku America, chomwe chimakhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Kuyambira pamenepo mpaka pa Khirisimasi, misika ya pa intaneti imadzadza ndi ogula. Koma wogulitsa wodziwa ntchito sadikira Novembala. Amayamba kukonza katundu wake mu Okutobala, chifukwa wogula wa nyengo ino si yemwe uja wa mu Juni. Wa mu Juni amadzigulira yekha. Wa mu Novembala amafuna mphatso ya mnzake, ndipo mawu amene amalemba posaka amasintha.

Tiyerekeze mayi wa ku Malawi wokhala ku Britain, amene amasoka zikwama za chitenje n'kumagulitsa pa Etsy, msika wa zinthu zopangidwa pamanja umene unayamba mu 2005 ku America. Pa Etsy dzina la katundu silipitirira zilembo 140. Palinso malo 13 oikamo mawu osakira, ndipo malo alionse amalandira zilembo zosapitirira 20.

Tinene kuti mayiyu analemba dzina lakuti `Beautiful Chitenje Bag`. Vuto loyamba ndi lakuti palibe amene amasaka chinthu polemba kuti n'chokongola, choncho mawu oyambirirawo angodya malo. Lachiwiri ndi lakuti wogula wa ku Leeds amene sanafikeko kwathu nsaluyi amaidziwa ndi dzina lina, amalemba `African print` kapena `ankara`. Dzina labwino liyambe ndi chinthucho, `African Print Tote Bag`, kenako mtundu wake ndi kukula kwake. Izi n'zofunika chifukwa pa foni dzina limaoneka lodulidwa, mawu oyambirira okha ndiwo amawerengeka. Chitenje chisatayidwe ayi, chikhale m'malo amodzi mwa 13 aja, poti alipo ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene amasaka ndi dzina lomwelo.

Malo enawo adzazidwe onse, ndipo alionse akhale ndi mawu awiri kapena atatu monga mmene munthu amalembera posaka. Kulemba `bag` pokha n'kudziponya m'chigulu cha zikwama zosawerengeka. Mu Okutobala mayiyu atsegule tsamba la `Stats`, pomwe Etsy imaonetsa mawu amene anthu analemba kuti apeze katundu wake. Mawu amene akubweretsa anthu asawakhudze. Atatu kapena anayi amene sanabweretse aliyense awachotse, aikepo a nyengo ino monga `gift for mum` kapena `teacher gift`. Chikwama chikhaledi choyenera munthu wotchulidwayo, chifukwa mawu okoka anthu amene amangoyang'ana n'kuchoka sathandiza shopu.

Pa zithunzi, chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi choyamba, poti ndicho chimaoneka pakati pa za ogulitsa ena, chili chaching'ono komanso chodulidwa m'mbali. Chikwama chikhale pakati, chijambulidwe masana pafupi ndi windo, kumbuyo kwake kulibe zosokoneza maso. Chitenje chili kale ndi maluwa ambiri, ndiye kuchiika pakati pa timagetsi ta Khirisimasi kumangochimiza. Za Khirisimasizo zipite pa chithunzi chachiwiri kapena chachitatu, chosonyeza mmene katunduyo amakutidwira ngati mphatso. China chionetse munthu atakoleka chikwamacho paphewa, kuti wogula aone kukula kwake asadzachibweze mu Januwale.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi wogulitsa amene amasintha shopu yonse usiku umodzi. Malonda akatsika sangadziwe ngati cholakwika ndi dzina, chithunzi kapena mawu osakira. Ndi bwino kuyamba ndi katundu wochepa amene akuyenda pang'onopang'ono, kusintha chinthu chimodzi, n'kudikira masabata awiri kapena atatu. Katundu amene akuyenda kale malonda amusiye mmene alili, makamaka Novembala akalowa.

Manambala a mu `Stats` amaloza pamene pali vuto. Ngati obwera kudzera mu kusaka ali ochepa ngakhale mawu asinthidwa, mayiyu alembe yekha mawuwo posaka. Chikwama chikapanda kuoneka, vuto ndi mawu. Chikaoneka koma anthu osachitsegula, ayang'ane chithunzi choyamba ndi mtengo wake pafupi ndi za anzake. Koma ngati anthu akubwera ambiri osagula, kusintha mawu sikungathandize. Nthawi zambiri chowabweza ndi mtengo wotumizira, kapena sakuona ngati katunduyo afika pa 25 Disembala pasanakwane. Tsiku lomaliza kulandira maoda a Khirisimasi lilembedwe pamwamba penipeni pa mafotokozedwe a katundu, ndipo likadutsa mawu a Khirisimasi achotsedwe, alowepo ena a mphatso za tsiku lobadwa.