Vidiyo yophunzitsa iyende ngati nthano

Nthano yabwino imayamba ndi vuto, imatsata njira, ndipo imatha ndi cinthu cooneka. Vidiyo yophunzitsa alimi iyenera kuyenda cimodzimodzi. Tiyeni titenge citsanzo ca vidiyo ya mphindi 3 yoonetsa kayesedwe ka mbeu ya cimanga tisanabzale.

Masekondi 20 oyamba ndi a vuto. Musawathere pa malonje kapena pa mbiri ya sukulu yathu, pakuti woonera asanadziwe cimene cikumukhudza amatseka foni. Onetsani mzere wa cimanga wokhala ndi mipata yambiri, ndipo nenani mau ocepa: mbeu inabzalidwa, koma theka silinamere, ndipo mvula yoyamba yapita. Cithunzi cotere cimapezeka kawirikawiri mu Disembala, conco cijambuleni nthawi imeneyo ndi kucisunga. Ngati mulibe, onetsani njere zobooledwa ndi anankafumbwe zili pa cikhatho.

Mphindi 2 zotsatira ndi za nchito yeniyeni, ndipo gawo lililonse likhale ndi cithunzi cakecake. Coyamba, dzanja litape njere pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, osasankha zokongola. Caciwiri, yalani njere 100 pa nsalu yonyowa, m'mizere 10 ya njere khumikhumi. Cacitatu, pindani nsaluyo ndi kuiika pa mthunzi. Cacinayi, iwazeni madzi tsiku ndi tsiku. Foni iyandikire manja, osati nkhope ya mphunzitsi, ndipo mau anene cokhaco cimene maso akuona. Mukati “nsalu yonyowa”, ifinyeni poonekera kuti woonera aone kuti sikudontha, cifukwa njere zomira m'madzi zimaola ndipo iye adzaimba mlandu mbeu yosalakwa.

Masekondi 40 otsiriza ndi a cotulukapo. Pa tsiku la 7 funyululani nsalu yomweyo, pa malo omwewo, ndipo werengani mokweza mzere ndi mzere popanda kudula cithunzi, kuti pasakhale wokayika. Tinene kuti zamera 62. Muuzeni mlimi tanthauzo lake: pa njere 10 zilizonse pafupifupi 4 zidzasiya mipata ngati ija anaona poyamba, conco afune mbeu ina nthawi ikalipo. Apa mapeto akumana ndi ciyambi. Popeza kujambula kumatenga mlungu wathunthu, yambani mu Okutobala, kuti vidiyo ifike kwa alimi mvula isanagwe.

Musanaitumize pa WhatsApp, iyeseni motere. Tsekani mau, muipereke kwa munthu amene sanalipo pojambula, mumupatsenso nsalu ndi njere. Pamene adzaime ndi kufunsa kuti “nanga apa nditani?” ndi pamene mwalumpha gawo, ndipo gawo limenelo lijambulidwenso.