Chiwongoladzanja cha lero chimalosera za mawa

Boma likabwereka ndalama, chiwongoladzanja chimasiyana malinga ndi nthawi imene lidzabweze ngongoleyo. Mukachijambula papepala, kuyambira ngongole ya miyezi 3 kufikira ya zaka 10, pamatuluka mzere. Mzerewu umatha kukwera, kugona kapena kutsika.

Ganizo lina la akatswiri a zachuma limati chiwongoladzanja cha ngongole yaitali chimakhala pakatikati pa cha ngongole zazifupi, cha lero ndi chimene anthu akuyembekezera. Tiyerekeze kuti ngongole ya chaka chimodzi ikupereka 10 peresenti, ya zaka ziwiri 12 peresenti pachaka. Mwini K100,000 akasankha ya zaka ziwiri adzatolera K125,440. Akasankha ya chaka chimodzi adzakhala ndi K110,000, ndipo kuti afikepo pa K125,440 ayenera kubwereketsanso pa chiwongoladzanja cha pafupifupi 14 peresenti. Ndiye kuti msika ukuyembekezera pafupifupi 14 peresenti chaka chamawa.

Choncho mzere wokwera ukunena kuti chiwongoladzanja chidzakwera, wogona kuti sichidzasintha, wotsika kuti chidzatsika. Koma samalani: womangirira ndalama zake nthawi yaitali amafuna kenakake kapamwamba, motero mzere umatha kukwera ngakhale palibe akuyembekezera kusintha.