Kufinya manambala n'kuwabwezanso

Mu 1949, anthu okwera ndege zopita kunja pa mndandanda wotchuka wa Box ndi Jenkins ankakhala pakati pa 104,000 ndi 148,000 pamwezi. Pofika 1960 ankachokera pa 390,000 kukafika 622,000. Chiwerengero chitakula, kusiyana kwa mwezi wotanganidwa ndi mwezi wa zii kunakulanso, pomwe njira zambiri zolosera zimafuna kuti kukwera ndi kutsikako kuzikhala kofanana chaka ndi chaka.

Mankhwala ake anaperekedwa mu 1964 ndi George Box ndi David Cox. Nambala iliyonse y imasinthidwa motere: (y^λ − 1)/λ. λ ikakhala 1, maonekedwe sasintha. Ikakhala 0, timatenga logarizimu, yomwe imafinya kwambiri manambala akuluakulu. Timasankha λ yomwe ikulinganiza mafunde a zaka zonse, kenako n'kulosera pa manambala ofinyidwawo. Logarizimu salola ziro.

Ambiri amapunthwa pobwerera. Tiyerekeze kuti tikuwerenga m'masauzande, ulosi wa logarizimu watuluka 6, ndipo valiyansi yake, muyeso wa kumwazikana kwa ulosiwo, ndi 0.04. Kungotembenuza, exp(6), kumapereka 403. Imeneyi si avareji ayi. Ndi nambala ya pakatikati, yomwe zenizeni zingaipose kapena kuiperewera mwa mwayi wofanana. Avareji ndi exp(6 + 0.04/2), pafupifupi 412, chifukwa kutembenuzako kumatambasula mbali yam'mwamba kuposa yam'munsi.

Pa mwezi umodzi, 403 si yolakwika. Koma mukaphatikiza maulosi a mabwalo a ndege angapo, gwiritsani ntchito avareji, apo ayi chiwonkhetso chizingoperewera. Mukamalosera zakutali, valiyansi imakula ndipo mpatawo umakulanso.