Anthu anayi, mtsikana mmodzi: mmene tingajambulire katuni yosasintha nkhope

Tiyerekeze kuti muli anayi mu kalabu yojambula pasukulu ina ku Migowi, ndipo mwagwirizana zopanga kabuku ka katuni ka masamba 16 kochenjeza anthu za madzi osefukira. Nkhaniyi kuno ku Phalombe si yongopeka. Akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu Malichi 1991, ndipo inunso munaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Mwininkhani m'kabukuko ndi mtsikana wa zaka 12, timutche Takondwa, amene akumva mkokomo kuphiri la Michesi n'kuthamanga kukadzutsa anthu. Aliyense wa inu ajambula masamba anayi.

Vuto lili apa: dzanja la munthu aliyense lili ndi chizolowezi chake. Wina amakuza maso, wina amatalikitsa miyendo. Owerenga akafika tsamba 9 n'kuona ngati wothamangayo ndi mtsikana wina, uthenga wasokonekera. Mankhwala ake ndi pepala lachitsanzo, lomwe ojambula katuni amalitcha modelo shiti. Ndi pepala losonyeza munthu wa m'nkhaniyo mbali zonse, ndipo aliyense amajambula akuliyang'ana. Nawonso opanga makatuni akuluakulu amayamba agwirizana kaye za maonekedwe. Mwachitsanzo, atsikana anayi a ku Lusaka a mu Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023, maonekedwe awo anawakonza ndi Malcolm Wope, kenako gulu lonse linatsatira zimenezo.

Muyeso wathu ndi mutu

Ine ndikamaphunzitsa zimenezi, sindiyamba ndi masentimita. Ndimayamba ndi mutu. Chifukwa chake n'chakuti Takondwa adzakhala wamkulu m'bokosi lina ndi wamng'ono m'bokosi lina, koma kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi sikuyenera kusintha. Munthu wamkulu weniweni amatalika pafupifupi mitu 7 ndi theka. Ana a m'katuni timawafupikitsa kuti aoneke achibwana, ndiye Takondwa timupatse mitu 5.

Tengani pepala la A4, muligoneke chopingasa. Sankhani kuti mutu ukhale masentimita 3, kutanthauza kuti thupi lonse ndi masentimita 15. Ndi lula ndi pensulo, lembani mizere 6 yopepuka kuchokera kumanzere mpaka kumanja, yotalikirana masentimita 3. Mzere woyamba ndi paliwombo, wachiwiri ndi chibwano, womaliza ndi pansi pa mapazi. Kenako onjezani mizere ya maso, mapewa, chiuno, mawondo ndi pothera siketi, ndipo mulembe dzina la mzere uliwonse m'mphepete.

Masamu ake ndi osavuta. Ngati m'bokosi lina Takondwa akutalika masentimita 6, gawani 6 ndi 5, mutu ukhala sentimita 1.2. Mutu ukatuluka masentimita 2, ndiye kuti mwajambula mwana wa mitu 3, kamng'ono kake ka Takondwa.

Kumutembenuza

Tsopano pamizere ija timujambula kanayi ataima chilili: kutsogolo, chammbali pang'ono, m'mbali, ndi kumbuyo. Zili ngati waima pamalo amodzi inu n'kumamuzungulira. Lamulo ndi limodzi basi: munthu akatembenuka, m'lifupi mumasintha koma msinkhu susintha. Diso likakhala pamzere wa maso kutsogolo, likhalenso pomwepo m'mbali.

Yambani ndi kutsogolo. Chithunzi chakumbuyo musavutike nacho. Jambulani chakutsogolo pa kapepala kapadera, mukatembenuze, mukasanjike pagalasi la windo masana, muikepo pepala lanu n'kutsata mzere wakunja wokha. Mukatero mwapeza thupi lakumbuyo, chatsala n'kuikamo tsitsi, kolala ndi zidendene.

Njira imeneyi imatipulumutsanso ku msampha wa kumanzere ndi kumanja. Tinene kuti Takondwa amakoleka kachikwama paphewa lamanzere. Akatiyang'ana, kachikwamako kamaoneka kudzanja lathu lamanja. Akatifulatira, kamabwera kumanzere kwathu. Ambiri amakasiya mbali imodzimodzi ya pepala, ndiye kachikwama kamangodumpha mapewa tsamba ndi tsamba. Lembani ndithu ndi mawu pambali kuti “phewa lake lamanzere”.

Chovuta kwambiri ndi chammbali pang'ono, komatu ndi chimene mudzachigwiritse ntchito kawirikawiri. Ganizani za mutu ngati lalanje lomwe mwalilemba mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mukalipotoza, mzerewo umapindika n'kusunthira mbali imodzi. Mphuno ndi pakamwa zimatsata mzerewo, ndipo diso lakutali limaoneka lopyapyala kuposa lapafupi, ngakhale kutalika kwake kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi n'kofanana.

Nkhope zisanu ndi imodzi, chigaza chimodzi

Pepala lachiwiri ndi la nkhope. Jambulani mutu umodzi wopanda nsidze ndi pakamwa, muutsate pawindo kasanu ndi kamodzi, kenako muupatse chimwemwe, chisoni, mkwiyo, kudabwa, mantha ndi kutopa. Zoyenda ndi nsidze, zikope, masaya ndi pakamwa. Zosayenda ndi chigaza, makutu, malo a mphuno ndi mpata wa pakati pa maso, womwe mwa anthu ambiri umakwana diso limodzi. Gwirani chibwano chanu n'kuyasamula. Mwaona eti? Nsagwada yapansi yokha ndiyo yatsika. Choncho Takondwa akamakuwa, chibwano chidutse mzere wake, koma mphumi isatalike.

M'nkhani yathu, nkhope ziwiri zofunika kuzisiyanitsa bwino ndi kudabwa ndi mantha. Podabwa, nsidze zimakwera zitapindika ngati uta, pakamwa n'kutseguka mozungulira. Pochita mantha, nsidze zimakwera koma zimayandikirana pakati, zikope zam'munsi zimalimba, ndipo milomo imakokekera cha kumakutu. Mukaphonya pamenepa, mtsikana wakumva mkokomo wa miyala ndi madzi adzaoneka ngati waona mlendo wobwera ndi mphatso.

Chifukwa chiyani osangoonera tsamba la mnzako?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri. Yankho lili m'masamu. Tiyerekeze kuti nthawi iliyonse mukakopa, maso amakula ndi magawo 5 pa 100, kusintha komwe simungakuone n'komwe. Mukamaonera tsamba lapitalo, cholakwikacho chimachulukitsana. Mukakopa kasanu, 1.05 kuchulukitsa yekha kasanu ndi pafupifupi 1.28. Mukakopa kakhumi ndi pafupifupi 1.63, maso akula kuposa theka. Koma aliyense akamabwerera ku pepala lachitsanzo, cholakwika chimangokhala 5 yomweyo, sichiunjikana. N'chifukwa chake aliyense akhale ndi fotokope yake, ndipo musamachite fotokope ya fotokope kapena kulola makina kuchepetsa pepala la mmodzi yekha.

Kuyesa ngati pepala lagwira

Musanayambe kabuku, nonse anayi jambulani Takondwa akuthamanga, aliyense payekha. Sakanizani mapepalawo n'kupatsa mnzanu wa kalasi ina. Akanena kuti ndi mtsikana mmodzi, yambani ntchito. Akakayika, mufunseni chomwe chasiyana. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chimene pepala silinanene, monga kuchuluka kwa malamba a tsitsi kapena ngati wavala patapata. Chisankheni, chilembeni, ikani deti papepala latsopano ndipo lakale mulichotse m'manja mwa onse.

Dziwaninso malire ake. Pepala la munthu woima chilili silikuuzani mmene amaonekera mukamuyang'ana muli pamwamba pa chulu, kapena mmene siketi imaulukira akamathamanga. Pa zimenezo onjezani pepala lachitatu la manja, mapazi ndi kaimidwe katatu komwe kamabwerezedwa m'nkhani yanu. Kwa Takondwa ndi kuthamanga, kugogoda pachitseko ndi kuloza kumtunda.