Masamba a tiyi amathyoledwa ndi yani? Nthawi imene mayeso a Chingerezi amafuna pasivu

Mukafunsa munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje kuti tiyi amapangidwa bwanji, amayankha mosajejema: "Masamba amawathyola kumunda, amawapititsa ku fakitale, amawayala kuti afote, kenako amawadula ndi makina." Palibe womudula pakamwa n'kufunsa kuti othyolawo ndi ayani. M'Chichewa, ka "a-" kali kumayambiriro kwa mneni kamatikwanira. Tonse timamva kuti alipo anthu ogwira ntchitoyo, koma nkhani si ya iwowo, nkhani ndi ya masamba.

Kalankhulidwe kabwinoka ndi kamene kamatayitsa malikisi ophunzira ambiri akafika pa mayeso a Chingerezi. Amalemba kuti "They pluck the leaves. They take them to the factory." Wochonga akawerenga amayamba kufufuza anthu amene "they" akuimira, ndipo sawapeza, chifukwa sanatchulidwe paliponse. Pocheza, Angerezi nawonso amalankhula choncho. Koma polemba lipoti kapena pofotokoza ndondomeko, chilankhulo chawo chili ndi njira ina yobisira wochita, imene aphunzitsi amaitchula kuti pasivu.

Pasivu si mlendo kwa ife. Tikati "Nsima yaphikidwa" kapena "Masamba amathyoledwa", tachotsa wochita pamalo a mwininkhani n'kuikapo chinthu chimene chachitidwa. Ife timangosintha mapeto a mneni kukhala -idwa kapena -edwa, basi. Chingerezi chimafuna zigawo ziwiri:

```
be (is, are, was, were, has been) + past participle
```

Chigawo choyamba ndicho chimanyamula nthawi ya mneni komanso kusonyeza ngati chinthucho n'chimodzi kapena n'zambiri. Chachiwiri ndi mawu achitatu aja pamndandanda umene tinkaloweza kusukulu: pa take, took, taken, timatenga taken. Chigawo chimodzi chikasowa, pasivu palibe.

Malo amene pasivu amayembekezeredwa kwambiri ndi gawo loyamba la pepala lolemba la mayeso a IELTS Academic. Awa ndi mayeso amene amalemba anthu ofuna maphunziro kapena ntchito kunja, kuphatikizapo anamwino athu ofuna kukagwira ntchito ku Britain. Malikisi ake amalekezera pa 9. Pepala lolemba ndi la ola limodzi ndipo lili ndi magawo awiri. Pa gawo loyamba mumalangizidwa kuthera mphindi 20 ndi kulemba mawu osachepera 150 pofotokoza chithunzi chimene mwapatsidwa: girafu, tebulo la manambala, mapu, kapena ndondomeko ya kapangidwe ka chinthu yojambulidwa ndi mivi. Funsolo silidzakuuzani kuti gwiritsani ntchito pasivu. Chimene chimakuuzani ndi chithunzicho.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa chithunzi cha kapangidwe ka tiyi, chokhala ndi masitepe asanu ndi awiri: kuthyola, kufotetsa, kudula, kusiya masamba kuti asinthe mtundu ndi mpweya, kuumitsa, kusankha, ndi kulongedza m'matumba. Musanalembe kanthu, yang'anani chimene chikuyenda kuchokera pa muvi woyamba kufika pa womaliza. Si anthu. Wothyola amatsala kumunda, woyendetsa makina odulira sadziwana ndi wolongedza. Chimene chili pa sitepe iliyonse ndi masambawo. Choncho masambawo ndiwo ayenera kukhala mwininkhani wa ziganizo zanu, ndipo poti masamba sadzithyola okha, mneni ayenera kukhala wa pasivu. Ndime yake ingaoneke chonchi:

```
First, the leaves are plucked by hand and taken to the factory.
There they are spread out and left to wither.
Once they have softened, they are cut by machine
and exposed to air until they turn brown.
The tea is then dried, sorted and packed into sacks.
```

Ndime yaifupiyi ili ndi zambiri zoti tiziyang'anitsitse. Mawu oti "they" alimo, koma tsopano akuimira masamba amene atchulidwa kale, ndiye wowerenga sasochera. Nthawi ya mneni ndi yatsopano, ya zochitika masiku onse, chifukwa tiyi amapangidwa motere chaka ndi chaka. Kulemba "were plucked" kungamveke ngati zinachitika kamodzi kalekale. "Are" mmodzi wa m'chiganizo choyamba akutumikira aneni awiri, ndipo "is" wa m'chiganizo chomaliza akutumikira atatu. Kumeneku ndiye kupewa kubwereza "is" ndi "are" pa mzere uliwonse, kumene kumatopetsa wowerenga. Onaninso kuti pamene nkhani yachoka pa masamba n'kufika pa tiyi, "are" wasanduka "is", poti Chingerezi chimatenga tiyi ngati chinthu chosawerengeka. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa dzanja limakhala litazolowera "are".

Nanga wochita timutchule liti? Ndimeyi yatchula dzanja ndi makina, koma sinanene kuti "by workers". Dzanja ndi makina zikuuza wowerenga chinthu chatsopano, kuti sitepe ina ndi ya pamanja, ina ndi ya makina, ndipo kusiyana kotere kumakhala kojambulidwa pachithunzi. Kunena kuti antchito ndiwo amagwira ntchito n'kuwononga mawu. Ngati wochita ndi woti aliyense angamudziwe osauzidwa, msiyeni.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi: m'ndime yomweyi muli aneni atatu amene sali pasivu, ndipo sayenera kutero. Ndi "wither", "have softened" ndi "turn brown". Masamba amafota okha, amafewa okha, amasintha mtundu okha. Munthu amangowayala n'kuwasiya. Wophunzira amene anangouzidwa kuti "chithunzi cha ndondomeko chimafuna pasivu" amaika "are" paliponse, n'kulemba zoti masamba "are turned brown", ngati pali wina amene amawapaka utoto. Tanthauzo lasintha pamenepo.

Chichewa chimatithandiza kwambiri pa mfundo imeneyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'kalasi la Chingerezi sitichifunsa kawirikawiri. Aliyense amadziwa kusiyana kwa "Mtengo wa chimanga wakwera" ndi "Mtengo wa chimanga wakwezedwa". Choyamba chikungonena zimene zachitika pamsika. Chachiwiri chikuloza chala, chikunena kuti alipo amene wakweza. N'chimodzimodzi "Mbale yasweka" ndi "Mbale yaswedwa". Mukakayika pa mayeso, nenani chiganizocho chamumtima m'Chichewa. Chikatuluka ndi -idwa kapena -edwa, ndipo mutha kuwonjezerapo "ndi uje" popanda kumveka zachilendo, pasivu ndi woyenera. Chikatuluka ngati "wakwera", "chachitika", "afota", musiyeni mneni momwe alili.

Ndi chifukwa chake magirafu safuna pasivu kwenikweni. Girafu ikasonyeza kuti chiwerengero cha alendo chinakwera pakati pa zaka ziwiri, mulembe "The number rose" kapena "The number increased". Mukalemba "was increased" mwanena kuti wina anachikweza dala, zimene girafuyo sinanene. "Was risen" ndiye kulibe m'chiganizo chotere, monganso kulibe "was happened" kapena "was occurred". Aneni amenewa satenga pamtherankhani, choncho alibe chinthu choti chisamukire kutsogolo kukakhala mwininkhani. Ndondomeko zachilengedwe nazo zimayenda chimodzimodzi. Mukapatsidwa chithunzi cha moyo wa chule kapena kayendedwe ka madzi kuchoka m'nyanja kupita m'mitambo, aneni ambiri adzakhala a wochita, chifukwa mbululu zimakula zokha ndipo mvula imagwa yokha. Pasivu angalowe apo ndi apo, monga ponena kuti mazira amaikiridwa m'madzi, koma sakhala msana wa nkhani.

Mapu ndiwo amabwezeretsa pasivu. Mumapatsidwa zithunzi ziwiri za malo amodzi pa nthawi zosiyana, ndipo ntchito yanu ndi kufotokoza zimene zasintha. Sukulu sidzimanga yokha, ndipo mapu sakuuzani amene anaimanga. Chofunika kusamala apa ndi nthawi. Ngati zaka zonse ziwiri zinadutsa kale, tinene 1990 ndi 2010, mulembe "A school was built". Ngati mapu achiwiri ndi a lero, mulembe "has been built". Ngati ndi pulani ya mtsogolo, "will be built". Chosintha ndi chigawo choyamba chokha, "built" sagwedezeka.

Kodi zimenezi zimakhudza bwanji malikisi? Gawo loyambali limachongedwa pa zinthu zinayi zofanana kulemera: kuyankha zimene mwafunsidwa, kulumikizana kwa mfundo, kasankhidwe ka mawu, ndi galamala. Pa galamala wochonga amayang'ana ziwiri, kuti mwagwiritsa ntchito mitundu yosiyanasiyana ya ziganizo komanso kuti ndi zolondola. Palibe pamene amawerenga kuti ma pasivu alipo angati. Pasivu wolondola amathandizanso kulumikizana kwa mfundo, popeza amasunga chinthu chimodzi patsogolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pasivu wolakwika amakuchotserani pa kulondola, ndipo nthawi zina pa tanthauzo. Taonani "The leaves dried", chiganizo chimene "are" waiwalika. Chikuoneka chabwinobwino, koma chikunena kuti masamba anauma okha tsiku lina lapitalo, pamene chithunzi chikusonyeza makina owaumitsa tsiku ndi tsiku.

Gawo lachiwiri, chimangirizo cha mawu osachepera 250 chimene chimalemera kawiri kuposa loyamba, ndi nkhani ina. Kumeneko nthawi zambiri mumafunsidwa maganizo anu, ndipo wochita ndi wofunika. Ngati mukunena kuti boma limange zipatala, tchulani boma. Ziganizo monga "It is believed that" zili ndi malo ake pofotokoza zimene anthu ena amakhulupirira, koma zikachuluka wochonga sadziwanso mbali imene inu mwaima. Olemba IELTS General Training sapatsidwa chithunzi n'komwe. Gawo lawo loyamba ndi kalata, ndipo pasivu amangothandiza pamene mukudandaula mwaulemu popanda kuloza munthu, monga ponena kuti katundu wanu sanatumizidwe.

Ophunzira a ku sekondale okonzekera MSCE amakumana ndi zomwezi polemba lipoti la ngozi kapena pofotokoza mmene anayesera chinthu mu labu: madzi anatenthetsedwa, ovulala anatengeredwa kuchipatala, koma galimoto inagubuduzika yokha.

Mukamaliza kulemba gawo loyamba, sungani mphindi ziwiri zowerenganso aneni okhaokha. Pa mneni aliyense wa pasivu onani ngati zigawo zonse ziwiri zilipo, ngati "is" kapena "are" akugwirizana ndi mwininkhani, komanso ngati mawu achitatu aja ndi olondola. Aneni ofala m'ndondomeko amene amasokoneza ndi ochepa, ndipo mutha kuwaloweza tsiku limodzi: cut, put ndi spread sasintha konse, grind amakhala ground, ndipo freeze amakhala frozen.