Kalata yowonjezera pulobeshoni isamangoti "sitinakhutire"

Pulobeshoni ikamatha, bwana amene sanatsimikize mtima za wantchito wake angathe kumuwonjezera nthawi m'malo momuchotsa. Koma makalata ambiri otere amangoti "sitinakhutire ndi kagwiridwe kanu ka ntchito", kenako siginecha. Wolandirayo amabwerera kunyumba osadziwa choti akonze.

Tiyerekeze mayi amene wagwira miyezi itatu m'sitolo ya feteleza ndi mbewu, ntchito yake yosunga katundu. Sachedwa, alimi amamuyamikira, koma buku la katundu silikugwirizana ndi matumba amene ali m'chipinda chosungiramo. Kalata yake iyambe ndi zimene akuchita bwinozo, chifukwa n'zimene zachititsa kuti asachotsedwe. Ikatero itchule vuto ndi masiku ake: kuti powerenga katundu kumapeto kwa mwezi wachiwiri, buku linaonetsa matumba 120 a yureya pamene analipo 114, ndipo zinapezeka kuti malisiti ena sanalowetsedwe. Mfundo yotere mayiyo angathe kuivomera kapena kuitsutsa ndi umboni. Mawu oti "ndinu wosasamala" sangawayankhe, amangomupweteka.

Pa zoyenera kukwaniritsa m'pamene pagona kalata yonse. Kulemba kuti "muwonjezere khama" n'kutaya inki, pakuti khama silipimika. Lembani motere: "Mayi, lisiti lililonse muzililowetsa m'buku tsiku lomwelo musanaweruke. Lachisanu lililonse muziwerenga katundu pamodzi ndi kapitawo, ndipo m'masabata anayi omaliza buku ndi matumba zizigwirizana." Ziwiri kapena zitatu zotere zakwana. Mukandandalika khumi, munthu amaona kuti mukungofuna pomukolera. Musaikemonso zimene ngakhale antchito akale sazikwanitsa.

Nayenso bwana alonjeze mbali yake. Ngati mayiyo sanaphunzitsidwe bwino kalembedwe ka bukulo, kalata inene amene amuphunzitse, komanso tsiku loti akhale pansi n'kuona pamene afika nthawi ili pakati.

Masiku akhale enieni, loyambira ndi lothera, osati "mpaka titakhutira". Kuno ku Malawi, gawo 26 la lamulo la ntchito la 2000 limati pulobeshoni ya munthu wa luso isapitirire miyezi 12, choncho miyezi yowonjezerayo muiphatikize ndi yoyamba ija. Onaninso ngati mgwirizano umene anasainira polowa ntchito ukulola kuwonjezera. Kalata imufike nthawi yoyamba isanathe, chifukwa ikachedwa, iye angathe kunena kuti anakhazikika kale, ndipo nkhani yotere imatha kukafika kukhoti loona milandu ya ntchito.

Kumapeto nenani poyera kuti akakwaniritsa adzakhazikitsidwa, akalephera ntchito ingathe kutha. Musiye malo oti alembepo maganizo ake, ndipo asaine makope awiri, ina atenge, ina ilowe m'failo yake.