Musanatumize ndalama za mkaka wa ana, pemphani chithunzi cha pansi pa chitini

Masiku ano ambiri mwa ife tikupikula katundu pa foni. Wogulitsa ali ku Joni, ku Kariakoo kapena ku Limbe konkuno, watumiza zithunzi pa WhatsApp, mwagwirizana mtengo, mwatumiza ndalama, katundu akwera basi. Pa nsapato ndi zitenje njira imeneyi ilibe vuto lalikulu, chifukwa katundu akabwera woipa mumangotsitsa mtengo. Mkaka wa ana wa m'chitini ndi wosiyana. Khanda la miyezi itatu lomwe silikuyamwa bere la mayi wake lilibe chakudya china, ndiye zomwe zili m'chitinimo zikakhala zabodza kapena zoonongeka, palibe chomwe chingalitchinjirize. Ku Fuyang m'dziko la China, m'chaka cha 2004, makanda oposa khumi adamwalira ndi matenda osowa zakudya m'thupi atamwetsedwa mkaka wachinyengo womwe udali wopanda mapuloteni okwanira. Mkakawo makolo ankaugula m'magolosale ang'onoang'ono onga athu omwewa.

Chithunzi chomwe wogulitsa amatumiza mwa kufuna kwake nthawi zonse chimakhala cha kutsogolo kwa chitini, pomwe pali dzina ndi mitundu yowala, kapena cha mulu wa makatoni. Chithunzi choterocho sichikuuzani kanthu. Mwinanso si iye adajambula, adangochitenga kwa wina. Choncho muuzeni alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pa kapepala, akaike pambali pa chitini, ajambulire panja pa kuwala kwa dzuwa osayatsa kuwala kwa foni. Potumiza asankhe Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp imachichepetsa, ndipo mukachikuza timalemba ting'onoting'ono timangosungunuka. Wogulitsa yemwe ali ndi katundu m'manja zimenezi zimamutengera mphindi zisanu. Amene akuti ali bize tsiku lonse, mudziwe kuti mwina katunduyo sadamuone n'komwe.

Chithunzi chofunika kuposa zonse ndi cha pansi pa chitini. Pamenepo fakitale imadinda ndi makina tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya gulu la katundu yemwe adapangidwa limodzi. Mudzaona mawu monga MFD, EXP kapena BB, ndi LOT kapena BATCH. Zilembozo zimadindidwa pachitsulo penipenipo, kawirikawiri ngati timadontho tofanana kukula. Deti likakhala pa sitika yomatidwa pansi pa chitini, funsani chomwe chili kunsi kwa sitikayo. Anthu achinyengo omwe agula motchipa mkaka wotha ntchito amafufuta deti lakale ndi sipiriti kapena mankhwala osungunulira penti, n'kudinda lina. Kuzani chithunzicho ndi zala ndipo muyang'ane mozungulira manambala: malo opukutidwa amawala mosiyana ndi chitsulo chinacho, nthawi zina pamatsala mthunzi wa manambala akale, ndipo mzere watsopano umakonda kukhala wakuda kwambiri, wa zilembo zonenepa kapena wopendekeka pouyerekeza ndi mizere inzake.

Apa ndi pomwe nambala ya gulu imathandiza, chifukwa ofufutawo nthawi zambiri amasintha deti lokha n'kuiwala nambalayi. Makampani ambiri akuluakulu, kuphatikizapo Nestlé yomwe imapanga Lactogen ndi NAN, amayamba nambala ya gulu ndi tsiku lopangira mobisika: nambala yoyamba ndi yomalizira ya chaka, zitatu zotsatira ndi tsiku la chakacho kuwerengera kuchokera pa 1 Januwale. Tiyerekeze kuti pachithunzi mwaona izi:

```
LOT 4075....
EXP 09/2027
```

Nambala 4 ikuimira 2024. Nambala 075 ndi tsiku la 75 la chakacho. Januwale ali ndi masiku 31, Febuluwale wa 2024 adali ndi 29, pamodzi 60, ndiye tsiku la 75 ndi pa 15 Malichi 2024. Mkaka wa ana wa m'chitini kawirikawiri umapatsidwa chaka chimodzi ndi theka kufika zaka ziwiri. Chitini chimenechi chimayenera kutha ntchito cha m'Malichi 2026 kapena nthawiyi isanafike, koma deti lomwe lilipo likuchipatsa zaka zitatu ndi theka. Wina waonjezera. Simufunikanso kuona zithunzi zina, katunduyo musiyeni.

Si kampani iliyonse yomwe imalemba nambala motere, ndiye musathamangire kutcha munthu wakuba chifukwa masamu sakugwirizana ndi mtundu womwe simukuudziwa. Njira yabwino ndi kukhala ndi chitini chimodzi cha mtundu womwewo, chogula m'sitolo yaikulu yodalirika, chomwe muziyerekezera. Muona nokha kuti mizere imakhala ingati, ikuyamba ndi chiyani, ndipo pakati pa kupanga ndi kutha pali miyezi ingati. Pemphaninso chithunzi cha m'mbali mwa katoni. Nambala ya gulu ya pa katoni iyenera kufanana ndi ya pa zitini za m'katimo. Katoni yomwe akuti ndi yosatsegula koma mkati muli magulu atatu osiyana idalongedzwa ndi manja a munthu kwinakwake.

Chachiwiri, auzeni avundukule chivindikiro cha pulasitiki ajambule chomatira chasiliva chomwe chili kunsi kwake. Ena amakana ati akavundukula ndiye kuti chitinicho sichigulikanso. Pa mitundu yomwe chivindikiro chake chili ndi kapulasitiki kothyola akunena zoona, ndipo pamenepo ingopemphani chithunzi chapafupi cha kapulasitikiko kuti muone ngati sikadathyoke n'kumatidwanso ndi guluu. Mukamaoda makatoni angapo, kulipira chitini chimodzi chotsegula ndi ndalama yochepa. Chomatira cha ku fakitale chimakhala chosalala, chokungika bwino, chogwira mofanana kuzungulira mkombero wonse, ndipo kakhutu kokokera kamagona pansi mopanda makwinya. Pepala lasiliva likangomatulidwa kamodzi silibwereranso mwakale. Limaoneka lokwinyika pafupi ndi kakhutu kaja, m'mphepete mumatuluka guluu wouma, ndipo timaufa toyera timatsalira mumpata wa pakati pa chomatira ndi mkombero. Zonsezi zimaoneka bwino kuwala kukamachokera chambali, n'chifukwa chake tikuti ajambulire panja, chitini atachipendeketsa pang'ono. Kuwala kwa foni kumangoyeretsa siliva yense n'kubisa makwinya.

Pomwepo yang'ananinso mikombero iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Kupindika pang'ono pamimba pa chitini kumachitika pa ulendo wa basi, koma kubonyoka kwa pa mkombero kapena dzimbiri pa msoko zimatanthauza kuti mpweya ndi chinyezi zikhoza kulowa. Mkaka wa ufa ukalowa chinyezi umaundana ndipo umaonongeka ngakhale deti lili patali.

Zolemba za pachitini zimabwera pambuyo pa zonsezi, chifukwa ndizo zosavuta kukopera. Komabe pali zina zomwe zimagwiritsa achinyengo aulesi. Mitundu yambiri yodziwika imasindikiza zolemba pachitsulo penipenipo, ndiye ngati chitini chanu choyerekezera chili chotero koma cha pachithunzi chakutidwa ndi pepala, pali funso. Onani nambala ya msinkhu: 1 ndi wa khanda kuyambira pobadwa mpaka miyezi isanu ndi umodzi, 2 ndi wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo, 3 ndi wa mwana woposa chaka. Sitika yomatidwa pa nambalayi kapena pa miyezi ndi chifukwa chokwanira chokanira, popeza mkaka wa mwana wamkulu suyenera khanda. Kuyambira 1981 bungwe la WHO lili ndi ndondomeko yoti chitini cha mkaka wa makanda chizikhala ndi chenjezo lonena kuti kuyamwitsa ndiko kwabwino koposa, komanso chisakhale ndi chithunzi cha khanda, ndipo dziko la South Africa lidaika zimenezi m'malamulo ake mu 2012. Chitini cha nambala 1 chomwe akuti chachokera ku Joni koma pali khanda lomwetulira, chopanda chenjezo kapena adiresi ya opanga, ndi chokayikitsa. Za bakhodi musadalire kwambiri. Ena amati ikayamba ndi 600 kapena 601 ndiye kuti ndi katundu weniweni wa ku South Africa, koma manambalawo amangosonyeza dziko lomwe kampani idalembetsa, ndipo munthu aliyense ali ndi makina osindikizira akhoza kuikopera.

Mabotolo oyamwitsira nawo atembenuzeni. Pansi pa botolo pamakhala chizindikiro cha mtundu wa pulasitiki. PP kapena nambala 5 ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mabotolo a ana lero. Zilembo PC zikutanthauza pulasitiki yokhala ndi mankhwala a BPA, yomwe South Africa ndi maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya adailetsa pa mabotolo a makanda mu 2011. Pepala la kunja likamanena kuti mulibe BPA koma pansi palembedwa PC, khulupirirani pansipo, chifukwa zilembozo zidaumbidwa limodzi ndi botolo. Kenaka onani mizere yoyezera. Mikaka yambiri imasungunulidwa kasupuni kamodzi pa mamililita 30 a madzi, ndiye mizere ikanama mayi amapanga mkaka wamadzimadzi kapena wokhuthala mosadziwa. Botolo likakhala ndi miyezo iwiri, mzere wa 4 oz uzikhala pafupi ndi 120 ml, ndipo wa 8 oz pafupi ndi 240 ml. Pa botolo loongoka, mipata ya pakati pa mizere izikhala yofanana. Botolo latsopano la mtundu wodula limabwera lomatidwa m'bokosi kapena m'pulasitiki wake. Likakhala ndi mikwingwirima mkati, kapena kamphira koyamwira kachita mbuu, ndi kaunjika yemwe wangotsukidwa.

Chithunzi chili ndi malire ake. Chikhoza kukuuzani kuti musagule, koma sichingakutsimikizireni zomwe zili mkati. Mu 2016 apolisi a ku Shanghai adagwira gulu lomwe lidagulitsa zitini zoposa 17,000 za mkaka wotchipa wolongedzwa m'zitini zokopera za mitundu yodula, ndipo zidadutsa m'manja mwa amalonda m'zigawo zingapo za dzikolo. Choncho zithunzi zikadutsa bwino, funsaninso risiti ya komwe iye adapikula, ndipo mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa ku holoselo yodziwika, dzifunseni kuti phindu lake akulipeza pati.

Zithunzizo musafufute. Katundu akafika, musanaike chitini n'chimodzi chomwe pa shelefu, tembenuzani chilichonse muone ngati nambala ya gulu ndi yomwe mudaiona pa foni. Zikasiyana, kapena mwapeza chomatira chokayikitsa, katoniyo ikhale pambali. Musaigulitse motchipa kuti mupulumutse mpamba, ndipo musaibweze mwakachetechete, chifukwa ingopita kwa wamalonda wina. Tengani chitini chimodzi, zithunzi ndi uthenga wa malipiro mupite nazo ku ofesi ya Malawi Bureau of Standards kapena kwa alangizi a zaumoyo a khonsolo yanu.